Bitikoini ndi kukwera mitengo kwa zinthu: kodi angatetezedi mpamba wanu?

Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi imene inkagulitsidwa pafupifupi K1,180 m'mabanki inafika pa K1,700 tsiku limodzi lokha. Apa n'kuti mu Meyi 2022 kwacha itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti. Aliyense amene anali ndi ndalama ku banki mu Blantyre muno anaona zimene zinatsatira: manambala a mu akaunti anali omwewo, koma shuga, mafuta ophikira, simenti ndi mtengo wa minibasi ya ku Limbe zonse zinasuntha. N'chifukwa chake mnyamata akamauza amalume ake kuti "amalume, ndalama zanuzo zikungosungunuka, ikani mu bitikoini," amalumewo samutsutsa msanga. Gawo loyamba la mawuwo ndi loona ndithu. Funso lili pa gawo lachiwirilo.

Maganizo a anthu okhulupirira bitikoini, ndalama ya pa intaneti yosayendetsedwa ndi boma kapena banki, ali ndi phata lake, ndipo si bwino kuwapeputsa. Iwo amati ndalama ya boma ilibe malire. Boma likasowa ndalama limabwereka, nthawi zina ku banki yaikulu yomwe, ndalama zimachuluka m'dziko pamene katundu sanachuluke, ndiye mitengo imakwera. Amene amalipira ndi munthu wosunga ndalama. Ife sitifunika kuwerenga za ku Zimbabwe kuti timvetse zimenezi. Mu 2016 kunabwera pepala la K2,000, mu 2022 kunabwera la K5,000, ndipo lero K5,000 yomweyo munthu amaitulutsa pa golosale osayembekezera chenje chambiri.

Bitikoini anapangidwa mosiyana ndi zimenezo. Munthu kapena gulu lodzitcha Satoshi Nakamoto linalemba ndondomeko yake mu 2008, ndipo inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2009. M'pulogalamu yake munalembedwa kuti mabitikoini onse sadzapitirira 21 miliyoni. Atsopano amatuluka pang'onopang'ono. Pafupifupi mphindi 10 zilizonse, makompyuta amene amatsimikiza malonda amatseka tsamba limodzi la kaundula wa bitikoini, ndipo amene watseka tsambalo amalandira mabitikoini atsopano ngati malipiro. Poyamba malipirowo anali 50. Masamba akakwana 210,000, zomwe zimatenga pafupifupi zaka zinayi, malipiro amadulidwa pakati. Mu 2012 anatsika kufika pa 25, mu 2016 pa 12.5, mu 2020 pa 6.25, ndipo mu Epulo 2024 pa 3.125. Izi zikutanthauza mabitikoini atsopano pafupifupi 450 patsiku padziko lonse, zomwe pachaka sizifika ngakhale 1 peresenti ya amene alipo kale. Oposa 19 miliyoni anatuluka kale, ndipo otsalawo azidontha choncho mpaka cha m'ma 2140. Palibe nduna ya zachuma kapena gavanala wa banki amene angadzuke m'mawa n'kulamula kuti awonjezereko. Kuti lamulolo lisinthe, pangafunike kuti anthu ochuluka amene amayendetsa pulogalamuyo m'maiko osiyanasiyana agwirizane kudzichepetsera chuma chawo okha, ndiye n'zokayikitsa.

Mpaka apa mfundoyo ndi yolimba. Imayamba kutsimphina pamene munthu wanena kuti popeza chinthucho n'chochepa, ndiye kuti mtengo wake uzisunga mphamvu. Mtengo wa chinthu umachokera mbali ziwiri, kuchuluka kwake ndi kufunidwa kwake. Malire a 21 miliyoni aja amanga mbali imodzi yokha. Sanena chilichonse za anthu angati amene akufuna kugula mwezi uno, kapena angati amene achita mantha n'kuyamba kugulitsa. Ndipo chifukwa choti kuchuluka kwake sikusintha, kusintha konse kwa mtima wa ogula kumathera pa mtengo. Ogula akachuluka palibe amene angapange mabitikoini owonjezera kuti mtengo ukhazikike, ndiye umakwera mothamanga. Akachepa, palibenso amene angawachotse pamsika, ndiye umagwa mothamanga chimodzimodzi. Chinthu chomwe anthu amachitamandira pa bitikoini ndi chomwecho chimene chimapangitsa mtengo wake kudumphadumpha.

Chitetezo chenicheni ku kukwera mitengo chili ndi ntchito imodzi. Zinthu zikakwera, icho chikwere nawo, mofanana kapena moyandikira, ndipo chikwere pa nthawi imene mwini wake akuchifuna. Bitikoini anayesedwa pa muyeso umenewu mu 2022, ndipo sanakhoze. Mu Novembala 2021 anafika pafupifupi madola 69,000. Kenako mitengo ya zinthu ku America inakwera kuposa mmene inachitira pa zaka 40, mpaka kufika pa 9.1 peresenti mu Juni 2022. Imeneyo inali nthawi yoti bitikoini aonetse ntchito yake. M'malo mwake mu Juni momwemo anali cha m'ma madola 20,000, ndipo mu Novembala 2022 anatsikira cha m'ma 16,000. Golide, amene anthu amamuyerekeza naye, anatha chakacho pafupifupi pamene anayambira.

Chimene chinachitika n'chosavuta kutsata. Pofuna kuthana ndi kukwera mitengo, banki yaikulu ya ku America inakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupi ndi ziro mu Malichi 2022 kufika kupitirira 4 peresenti mu Disembala. Ngongole zitadula, anthu a ndalama zambiri anayamba kugulitsa zinthu zimene amaziona kuti n'zongoyesera mwayi, monga masheya a makampani a zipangizo zamakono ndi bitikoini. Zonse zinagwera limodzi. Okhulupirira bitikoini amayankha kuti iye anakwera kale, kuchoka cha m'ma madola 5,000 mu Malichi 2020 kufika pa 69,000, pa nthawi imene maboma ankamwaza ndalama chifukwa cha mliri wa kolona, ndiye anaoneratu zimene zikubwera. Yankho limeneli lili ndi nzeru, koma taonani kumene likutifikitsa. Likutanthauza kuti bitikoini amakwera ndalama zikakhala zotchipa kubwereka, ndipo amagwa zikadula. Chiwongoladzanja chimadula nthawi yomwe mitengo yavuta. Choncho akhoza kukusiyani padzuwa pa miyezi yeniyeni imene thumba likulira.

Tibwere nazo kuno. Munthu wa ku Ndirande kapena ku Chilomoni akagula bitikoini ndi makwacha, wagula mitengo iwiri nthawi imodzi, ngakhale pa foni akuona nambala imodzi. Woyamba ndi mtengo wa dola pa kwacha. Wachiwiri ndi mtengo wa bitikoini pa dola. Mtengo wa bitikoini m'makwacha ndi iwiriyo kuichulukitsa. Mtengo woyambawo ndi umene ukugwirizana ndi vuto lathu, chifukwa kwacha ikagwa, feteleza, mafuta agalimoto, mankhwala ndi katundu wa m'mashopu a ku Limbe zimakwera. Wachiwiriwo umapangidwa ku New York, ku Seoul ndi kwina, ndi anthu amene sakudziwa n'komwe kuti thumba la chimanga likugulitsidwa bwanji ku Lunzu.

Tiyerekeze mayi wina amene amagulitsa zitenje mu msika wa Limbe. Mu Novembala 2021 ali ndi K1,000,000 yapadera, yoti adzaonjezere mpamba chaka chamawa. Mwana wa mchemwali wawo akuti, "Anti, musasiye ku banki, muona." Kuti masamu asavute tigwiritsa ntchito mitengo ya ku banki, moizungulira. Nthawi imeneyo dola inali pafupifupi K820, ndiye ndalama yawo ndi madola 1,220. Agula kachidutswa ka bitikoini pa mtengo wa 69,000, poti sikofunika kugula wathunthu, bitikoini mmodzi amagawika tizidutswa 100 miliyoni.

Papita chaka chimodzi, tili mu Novembala 2022, ndipo mayi aja akufuna kukaoda katundu wa Khirisimasi. Kwacha inagwa mu Meyi, dola ili cha m'ma K1,030. Mitengo ya zinthu m'dziko muno yakwera ndi pafupifupi 26 peresenti pachakacho, ndiye kuti agule zomwe K1,000,000 inkagula, akufunika K1,260,000 kapena kuyandikira pamenepo. Akanasunga makwacha pansi pa matiresi, akanakhala ndi K1,000,000 yomweyo, yofooka ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Madola 1,220 aja akanakhala osasinthidwa, akanakwana pafupifupi K1,257,000, kutanthauza kuti akanangofanana ndi kukwera kwa mitengo. Nanga bitikoini? Pa mtengo wa 16,000, madola 1,220 aja atsala 283. Kuwasintha pa K1,030 akupeza cha m'ma K290,000. Kugwa kwa kwacha kwawathandizadi, chifukwa pa mtengo wakale akanapeza K232,000 yokha, koma thandizo limenelo lamira m'kugwa kwa bitikoini. Amene ankathawa kutaya gawo limodzi mwa asanu ataya zoposa magawo atatu mwa anayi a mphamvu ya ndalama yawo.

Wina anena kuti ndasankha dala miyezi yoipa. Zoona, ndiye tiyeni tisankhenso yabwino. Mnzawo wa benchi yoyandikana nayo waika K1,000,000 mu Novembala 2022, pamene aliyense akuthawa. Ndi madola 970, pa mtengo wa cha m'ma 16,500. Mu Disembala 2024 bitikoini anadutsa madola 100,000 koyamba, ndiye ndalama ija yachulukana kasanu ndi kamodzi, pafupifupi madola 5,900. Dola ku banki ili cha m'ma K1,750. Mayi ameneyu ali ndi ndalama zoposa K10 miliyoni. Ngakhale mayi oyamba aja, akanapirira osagulitsa mpaka tsiku limenelo, madola awo akanafika 1,770, pafupifupi K3.1 miliyoni, pamene mitengo ya zinthu pa zaka zitatuzo inangowirikiza kawiri ndi kupitirirako pang'ono. Akanapindula.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Phindu la mayi wachiwiri silikusonyeza kuti bitikoini amateteza ku kukwera mitengo. Pa K10 miliyoni ija, gawo lochokera ku kugwa kwa kwacha ndi lochepa: dola inachoka pa K1,030 kufika pa K1,750, zomwe zikanasandutsa miliyoni yawo kukhala K1.7 miliyoni. Kwina konseko kunachokera ku mtengo wa bitikoini pa dola, umene unakwera pa zifukwa zosakhudza Malawi, monga kuloledwa kwa mathumba a ndalama ogula ndi kusunga bitikoini m'malo mwa anthu pa misika ya masheya ya ku America mu Januwale 2024. Amayi awiri, msika umodzi, mavuto a kwacha ofanana, wina wataya pafupifupi magawo atatu mwa anayi m'chaka chimodzi, wina walemera m'zaka ziwiri. Chasiyanitsa ndi mwezi wogulira ndi mwezi wogulitsira basi. Chinthu chochita choncho chikhoza kukhala malonda opindulitsa kwa amene ali ndi mwayi kapena mtima wopirira, ndipo sindikutsutsa kuti amene anagula zaka khumi zapitazo n'kusunga anapambana kukwera mitengo kulikonse. Koma ndi malonda ongoyesera mwayi, ndipo ayenera kutchedwa choncho.

Mawu oti "akanapirira" nawonso ndi osavuta kulemba. Amene amapirira zaka zitatu ndi munthu amene ndalamayo sakuifuna. Wa geni ku Limbe ali ndi lendi ya mwezi uno, fizi ya temu ikubwerayi, feteleza wa ku mudzi mvula isanagwe, ndi maliro amene salengeza tsiku. Kukwera mitengo kumapweteka kwambiri anthu oterewa, ndipo ndi omwewo amene sangasankhe tsiku logulitsa. Kugwa kwa 2022 sikunalinso koyamba. Mu Disembala 2017 bitikoini anayandikira madola 20,000, pofika Disembala 2018 anali cha m'ma 3,200. Mu Malichi 2020 anataya pafupifupi theka la mtengo wake m'masiku awiri. Munthu wolowa ayenera kuwerengera kuti zoterezi zikhoza kuchitikanso pa nthawi yake.

Palinso nkhani ya chimene chimakweza mitengo kwathu kuno. Nthano ya bitikoini imaloza chala pa kusindikiza ndalama, ndipo kubwereka kwa boma kuli ndi mbali yake ndithu. Koma ofesi yowerengera zinthu ya boma ku Zomba ikamatulutsa chiwerengero cha kukwera mitengo mwezi ndi mwezi, chakudya ndicho chimalemera kwambiri pa sikelo, ndipo pa chakudyapo chimanga ndiye mfumu. Namondwe wa Freddy atakokolola minda ndi nyumba m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, kapena ng'amba ya 2024 itaotcha mbewu, chimanga chinakwera chifukwa chinachepa. Feteleza anadula mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Mafuta agalimoto amasowa chifukwa dziko limagula kunja zambiri kuposa zimene fodya, tiyi ndi shuga zimabweretsa. Malire a 21 miliyoni alibe chonena pa zonsezi. Munthu amene amagula matumba a chimanga nthawi yokolola n'kuthira mankhwala a anankafumbwe, iyeyo ndiye wagwira chinthu chimene chimakwera limodzi ndi mtengo wa chakudya cha banja lake, chifukwa ndi chakudya chomwecho. Ali ndi mavuto ake, chimanga chimafumbwa, chimabedwa, ndipo chaka cha zokolola zambiri mtengo sukwera. Komabe mgwirizano wa chimene wasunga ndi chimene akuopa ndi wooneka.

Masamu a amayi aja anali okomera bitikoini pa chinthu chimodzi, chifukwa tinagwiritsa ntchito mtengo wa dola wa ku banki. Mu Blantyre simungalowe mu banki n'kugula bitikoini pa kauntala. Ambiri amagula kwa munthu mnzawo kudzera pa mapulogalamu a pa foni, pa gawo lolembedwa P2P. Mumasankha wogulitsa, pulogalamu imagwira bitikoiniyo kaye, inu mumatumiza makwacha pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku akaunti ya banki, wogulitsa akatsimikiza kuti ndalama yafika, bitikoini amalowa kwa inu. Wogulitsayo sawerengera dola pa mtengo wa ku banki. Amatsata mtengo wa pamsika wamseri, umene ndalama zakunja zikasowa umakhala pamwamba kwambiri.

Zotsatira zake n'zakuti kugwa kwa kwacha kumene mukuthawa mumakhala mwakulipira kale pogula. Tingoyerekeza ndi manambala ongopeka: banki ikuti K1,750, wogulitsa wa pa foni akuwerengera dola pa K3,000. Boma likadzagwetsa kwacha kufika pa K2,500, nyuzipepala zidzalemba za kugwa kwakukulu, koma inu simupindulapo kanthu pokhapokha mtengo wamseri nawo utakwera kupitirira K3,000. Ndipo ndalama zakunja zikapezekako, mwina nyengo ya fodya kapena thandizo lakunja litalowa, mtengo wamseri n'kutsika kufika pa K2,400, mwataya gawo limodzi mwa asanu ngakhale bitikoini sanasunthe. Onjezani kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Amene akukugulitsani pa K3,000 akhoza kukugulani pa K2,850, ndiye 5 peresenti yapita musanayambe n'komwe, osawerengera zodula za kutumiza ndi kutapa ndalama kwa ejenti. Njira yodziwira mtengo weniweni umene mukulipira ndi yachidule. Tengani makwacha amene wogulitsa akufuna pa bitikoini mmodzi, muwagawe ndi mtengo wa bitikoini m'madola wa nthawi yomweyo. Yankho lake ndi mtengo wa dola umene akukugulitsirani mobisa, ndipo muufananitse ndi wa ku banki.

Mfundo ya bitikoini imene ndimaiona kuti ndi yamphamvu kwa Mmalawi ndi yosiyana ndi ya 21 miliyoni ija. Ndi yakuti munthu wamba sapeza madola mosavuta, pamene foni ali nayo m'thumba. Chimene ambiri akufuna kwenikweni ndi kutuluka mu kwacha. N'chifukwa chake m'maiko amene ndalama zawo zikugwa, monga Nigeria, Argentina ndi Turkey, anthu ambiri amagula ndalama za pa intaneti zomangiriridwa ku dola, monga USDT, imene cholinga chake n'kukhala dola imodzi nthawi zonse. Izi zimachotsa mtengo wachiwiri uja n'kusiya woyamba. Koma zimabweretsa nkhawa ina, chifukwa mukudalira kampani kuti ilidi ndi chuma chokwanira kumbuyo kwa ndalamazo. Ina yotchedwa TerraUSD, imene inkalonjezanso kukhala dola imodzi, inagwa mu Meyi 2022 n'kusanduka yopanda pake m'masiku ochepa. Dola nayonso imafooka pang'onopang'ono, ndipo mtengo wamseri uja mumaulipirabe.

Za kasungidwe ndingodutsamo mwachangu, ngakhale ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera. Mukasiya bitikoini m'manja mwa kampani ya pa intaneti, mwabwerera ku kukhulupirira munthu wina, chinthu chomwe bitikoini ankati athetsa. Kampani ya FTX, imodzi mwa zikuluzikulu padziko lonse, inagwa mu Novembala 2022 ndipo makasitomala anatsekeredwa ndalama zawo kwa nthawi yaitali. Mukasunga nokha, chuma chonse chimakhala pa mawu 12 kapena 24 amene pulogalamu imakupatsani poyamba. Mawuwo akatayika foni n'kuwonongeka, palibe ofesi yokadandaulako. Wina akawaona, amasamutsa zonse ndipo sizibwezedwa. Mwini wake akamwalira osauza aliyense, ana sadzapeza kanthu. Banki yaikulu ya Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama zoterezi si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, choncho wogula asayembekezere chitetezo chimene wosunga ndalama ku banki ali nacho.

Ndipo pali ena amene amangobwereka dzina la bitikoini. Mukamva kuti "ikani K100,000, muzilandira 10 peresenti sabata iliyonse, mukabweretsa anzanu bonasi," dziwani kuti bitikoini sabereka chiwongoladzanja chilichonse. Alibe fakitale, alibe lendi, alibe phindu logawa ngati masheya a pa msika wa masheya wa mu Blantyre muno. Njira yokhayo yopindulira naye ndi kudzagulitsa kwa wina pa mtengo woposa umene munagulira. Ndalama za sabata ndi sabata zimene gulu lotere likugawa zikuchokera m'thumba la amene alowa kumene, ndipo chizindikiro choyamba chakuti zatha ndi uthenga wonena kuti kutapa ndalama kwaimitsidwa kaye, kapena kuti mulipire kenakake kuti ndalama zanu zitsegulidwe.